Kukana Kosabweza Munthu Chimanjamanja

Uthengawo unali waufupi, wolembedwa mothamanga, wopanda mpumiro ndi umodzi womwe: "mwana wanga watentha thupi kwambiri ndili ndi LA otsala mibulu 4 ndimupatse ingati zaka 2 ndi miyezi 4". Pamwamba pake panalembedwa nthawi, 11:40 usiku. Sunachokere kwa mayi weniweni. Anaulemba ndi namwino wina wopuma pantchito, amene anatha zaka zambiri m'wodi ya ana, ndipo masiku ano amathandiza kagulu ka achinyamata mu Lilongwe komwe kakukonza chatiboti yoyankha mafunso a zaumoyo pa WhatsApp. Ali ndi kope lodzaza ndi mauthenga otere. Onse anawapeka yekha, koma ukamawawerenga umamva mawu a anthu amene anaimapo pakhomo la wodi atabereka mwana wotentha ngati mbaula.

Mnyamata wolemba pulogalamu anali atakonzeratu yankho loti makinawo azipereka pa mafunso amtunduwu, ndipo analiwerenga mokweza mosakayika konse: "Pepani, sitingathe kupereka malangizo okhudza mankhwala. Chonde pitani kuchipatala chomwe muli nacho pafupi."

Namwinoyo anavula magalasi.

"Achimwene, mayiyu wawononga bandulo yake pakati pa usiku, ndiye mwamupatsa chiyani?"

"Tamuuza zoona, amayi. Apite kuchipatala."

"Chipatala akuchidziwa. Mwanayu anabadwira komweko. Chimene sakudziwa n'choti anyamuke pompano kapena adikire kuche, ndiponso achite chiyani ndi mwana ali m'manjayu. Inu mwadzitchinjiriza nokha. Mibulu inayi ija ikadali patebulo."

Ndinakhala nawo masana angapo ndikuonerera momwe yankho la mizere iwiri lija linasandukira lamulo limene ndimalisirira mpaka lero. Ndifotokoze kaye chimene anthuwa amalemba. Chatiboti ya masiku ano sisankha yankho pa mndandanda wokonzeratu, imapanga yokha ziganizo potsata zimene inaphunzira m'malemba ambirimbiri. Eni ake amaiwongolera ndi tsamba la malangizo lomwe pulogalamuyo imawerenga mwamseri munthu asanayankhidwe. Patsambapo ndi pomwe pamakhala malamulo okanira: ichi usachite, apa usatchule nambala, apa tumiza munthu kwa namwino. Vuto lake n'lakuti makinawa satsata lamulo liwu ndi liwu. Amalitanthauzira, ndipo lamulo likakhala lotakata amalitambasula kuposa momwe mwini wake ankafunira.

Lamulo loyamba la mnyamata uja linali chiganizo chimodzi: usapereke malangizo a mankhwala. Namwinoyo anatsegula kope lake n'kuyamba kuwerenga anthu amene chiganizocho chawatsekera panja. Wofunsa ngati paketi ya Thanzi amaisungunula m'madzi okwana lita imodzi kapena theka. Wofunsa ngati LA amamwa atadya kapena asanadye, atalandira kale kuchipatala. Wofunsa ngati mwana wakhanda angapatsidwe asipulini. Mafunso onsewa ndi a mankhwala, ndipo onse ali ndi yankho lodziwika limene likhoza kupulumutsa munthu: lita imodzi, amwe ndi chakudya kapena mkaka kuti mankhwala alowe bwino m'thupi, ayi, asipulini si wa ana. Kuwakana anthu awa si kusamala, anatero, ndi ulesi wovala yunifomu.

Ntchito yake yoyamba tsono inali yosema. Anatenga kukana kuja n'kumakusema mpaka kutatsala kanthu kamodzi kokha kamene kayeneradi kukanidwa pa uthenga wa mayi uja: kutchula chiwerengero cha mibulu ya LA yoti apatse mwana amene sanayezedwe. Zina zonse zimene mayiyo akufuna usiku umenewo n'zololedwa, ndipo m'lamulo lake anazilemba ngati udindo, osati ngati chisomo.

Chifukwa chokanira kanthu kameneka anachifotokoza mofatsa, ndipo n'chifukwa chimene aliyense wolemba malamulo otere ayenera kuchidziwa bwino asanalembe liwu loti "usachite". Choyamba, kwathu kuno mawu oti malungo amanyamula katundu wambiri. Thupi likatentha, mutu ukawawa, m'mfundo mukaphwanya, timati malungo. Koma mwana wa zaka ziwiri wotentha thupi akhoza kukhala ndi chibayo, matenda a m'khutu, ngakhale matenda oumitsa khosi, ndipo LA sachiza ngakhale amodzi mwa amenewa. N'chifukwa chake kuyambira 2010 bungwe la WHO limalangiza kuti munthu ayezedwe kaye magazi asanapatsidwe mankhwala a malungo, ndipo kachipangizo koyezera pachala kaja kamatulutsa zotsatira m'mphindi zosapitirira 20. Mayi akapatsa mwana LA usiku n'kugona mtima uli m'malo, chibayo chimapeza usiku wonse woti chikule.

Chachiwiri chili mu liwu loti "otsala". LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndiye kuti kasanu ndi kamodzi, ndipo mapaketi ake amabwera motsata kulemera kwa wodwala: a mibulu 6, 12, 18 ndi 24. Ngakhale paketi yaing'ono kwambiri ili ndi mibulu 6. Amene ali ndi inayi sangamalize, zivute zitani. Komanso mibuluyo ikuulula kuti m'nyumbamo muli wina amene anasiyira mankhwala panjira. Apa namwinoyo amalankhula ngati munthu amene anaona ndi maso ake mankhwala akufa mphamvu. Analipo pamene kolorokwini ankalephera, dziko la Malawi n'kukhala loyamba mu Africa kumusiya mu 1993 n'kutenga Fansida. Analiponso pamene Fansida nayenso anafooka, LA n'kulowa m'malo mwake mu 2007. Tsopano ku Rwanda, ku Uganda ndi ku Tanzania kwapezeka kale tizirombo ta malungo tomwe tikuchedwa kufa ndi mankhwala a mtundu umenewu. Sanafune kuti makina olankhula ndi anthu ambiri nthawi imodzi aziphunzitsa kumwa mankhwala mwa theka.

Yankho limene analemba ndi dzanja lake, loti likhale chitsanzo chomwe makinawo azitengera, ndi ili:

"Tiyambe ndi chofunika kwambiri. Muoneni mwanayo pompano: kodi wakomokapo, akusanza chilichonse chimene walandira, akulephera kumwa kapena kuyamwa, kapena walefuka moti akuvuta kudzutsa? Kodi akubanika, kapena khosi lauma? Ngati pali chimodzi mwa izi, nyamukani usiku womwe uno, musadikire kuche. Ngati palibe, mupatseni zakumwa pafupipafupi, mupitirize kumuyamwitsa ngati akuyamwabe, ndipo musamufunditse zolemera. LA wotsalayo musamupatse, ndipo chiwerengero cha mibulu sitikuuzani, chifukwa kutentha thupi si malungo nthawi zonse, komanso mibulu inayi siyokwanira kuchiza malungo. Mawa m'mamawa akayezedwe kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Muli ndi Panado m'nyumbamo? Tiuzeni kulemera kwa mwanayo kumene analemba m'buku lake la kusikelo, tikuthandizeni kapatsidwe kake."

Ndaliwerenga kangapo yankholi, ndipo chimene chimandigwira mtima ndi malo amene kukana kwakhala. Sikuli pamwamba. Kuli pakati, pambuyo poti mayiyo walandira kale zinthu ziwiri, ndipo kutsogolo kwake kukubweranso zina ziwiri. Mnyamata uja ankafuna kuti chiganizo choyamba chikhale chonena kuti makinawo si dokotala. Namwinoyo anakana. Foni ya mayiyu mwina yatsala pang'ono kuzima, netiweki ikubwera n'kumapita, galasi la foni ndi laling'ono ndiponso losweka, ndipo akuwerenga ndi diso limodzi, linalo lili pa mwana. Ngati angawerenge mzere umodzi wokha, ukhale umene ungamudzutse pamphasa. Zizindikiro zinayi zoyambirirazo sanazipeke. Ndi zomwe zija zili pa tchati cha WHO chothandizira ana odwala, zimene namwino aliyense ndi mlangizi wa zaumoyo aliyense amaziloweza. Ndipo mwana amene ali nazo safunikanso mapiritsi konse, chifukwa malungo aakulu amafuna jakisoni.

Onaninso kuti liwu loti "pepani" mulibe. Ndinamufunsa ngati sanaiwale. Anaseka, nati m'wodi anaphunzira kuti "pepani" woyambirira m'kamwa amamveka ngati chitseko chikutsekedwa, moti munthu akangomumva amasiya kumvetsera zotsatira. Ulemu anauika pena. Uli mu "inu" amene sasintha kuyambira pamwamba mpaka pansi. Uli m'kupereka chifukwa, poti wamkulu mnzako sumangomuuza kuti ayi ngati mwana wakusukulu. Uli m'kusafunsa kuti LA ameneyo anatsala bwanji, funso limene likanamveka ngati mlandu. Sanalembenso "mayi", ngakhale tonse tinkaganiza za mayi, chifukwa amene wagwira foni usiku akhoza kukhala bambo, agogo kapena mtsikana wa fomu 2 amene wasiyiridwa mng'ono wake.

Funso lomalizira lija, la Panado ndi buku la kusikelo, ndiye pamene pali luso lenileni. Likutsegula khomo lina pamene loyamba latsekedwa, ndipo likumupatsa munthu chochita ndi manja ake. Tiyerekeze kuti wayankha kuti mwezi watha mwanayo analemera makilogalamu 12, ndipo ali ndi Panado wa akuluakulu, wolembedwa 500. Tchati cha WHO chija chimati mwana wa miyezi iwiri mpaka zaka zitatu, wolemera makilogalamu 4 mpaka osafika 14, apatsidwe gawo limodzi mwa magawo anayi a mbulu wotere, maola 6 aliwonse. Chitsanzo chachiwiri cha namwinoyo chimanena zomwezo m'mawu a pakhomo: dulani mbuluwo pakati, theka limenelo mulidulenso pakati, mupatseni kachidutswa kamodzi, musabwereze maola 6 asanakwane, musapitirire kanayi pa tsiku ndi usiku wake. Kenako chimawonjezera chiganizo chimene munthu wosadziwa wodi sakanachiganiza: thupi likazizira sikuti wachira, Panado amangotsitsa kutentha, mawa akayezedwebe.

Nanga bwanji nambala ya Panado yaloledwa pamene ya LA yakanidwa? Panado safuna kuti udziwe kaye dzina la matenda, ndipo akapatsidwa moyenera usiku umodzi salowa m'malo mwa chithandizo chenicheni. Koma ngakhale apa namwinoyo anamanga mpanda. Makinawo saloledwa kuwerengetsa okha mlingo, chifukwa amatha kuphonya masamu uku akulankhula modzidalira ngati kilinikala wa zaka makumi awiri. Ayenera kutenga nambala patebulo limene iye analemba, wina n'kulitsimikizira. Ngati kulemera kwa mwana sikukudziwika, kapena mphamvu ya mbuluwo sikuwerengeka papaketi, nambala isatchulidwe. Ndipo ngati mwanayo sanakwane miyezi iwiri, nkhani ya Panado isayambike n'komwe, poti khanda lotentha thupi liyenera kuonedwa kuchipatala nthawi yomweyo.

Lamulo lenilenilo, lolankhula kwa makinawo, linatuluka lalitali kuposa chiganizo chimodzi chija. Chigawo chake chachikulu chimati: "Munthu akafunsa mlingo wa mankhwala a malungo kapena a maantibayotiki kwa wodwala amene sanaonedwe ndi wachipatala, usatchule mlingowo. Chifukwa chake n'choti sitikudziwa chimene akudwala, ndipo nambala yochokera kwa ife imveka ngati chilolezo chosapita kukayezetsa. Koma usamusiye chimanjamanja. Yamba ndi zizindikiro zoopsa, muuze zimene angachite panopa, nena momveka chimene sunene ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi, muuze kopita ndi nthawi yopitira. Ngati mankhwalawo anachita kulemberedwa kuchipatala ndipo akungofuna kumvetsa kamwedwe kake, muthandize." Mnyamata uja ankati chifukwacho n'chongotalikitsa, makina safuna kunyengereredwa. Atayesa njira zonse ziwiri anavomera kuti lamulo lopanda chifukwa limagwira anthu osalakwa. Likakhala ndi chifukwa, makinawo amakhala ndi poyezera funso limene olemba sanaliganizire. Pomaliza malamulowo amawamasulira m'Chingerezi, poti makinawa amamva bwino Chingerezi kuposa Chichewa, koma zitsanzo za mayankho namwinoyo anakanitsitsa kuti zisamasuliridwe. Anaona kuti zikadutsa m'Chingerezi zimabwerera zili ndi "chonde dziwani kuti" ndi "ndikofunikira kuti", Chichewa cha pa zikwangwani za m'maofesi.

Kachitidwe kameneka si kachilendo kwathu. Chipatala Cha Pa Foni, chimene bungwe la VillageReach linayambitsa ku Balaka mu 2011 mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, chinakula mpaka kufika dziko lonse pa mfundo yomweyi: oyankha mafoni amapereka uphungu ndi kulozera anthu kopita, koma salemba mankhwala kwa wodwala amene sanamuone. Kusiyana kwake n'koti kumeneko woyankha ndi munthu, amamva kunjenjemera kwa mawu, amamva mwana akubanika chapansipansi, ndipo amadziwa yekha pofewetsa. Makina alibe khutu limenelo. Zonse zimene namwino amachita mosaganizira n'komwe ziyenera kulembedwa papepala, ndipo ndi pamene umazindikira kuchuluka kwake.

Tsiku lachitatu panabuka mkangano umene sunathe bwinobwino, ndipo ineyo sindinganame kuti ndinatulukamo ndi mbali imodzi. Namwinoyo anabweretsa uthenga wachiwiri wa mayi yemwe uja: "chipatala chili kutali mvula ikugwa mtsinje wadzaza kabaza palibe chonde ingondiuzani".

"Amayi," anatero mnyamatayo, "apa ndiye tikumulakwira. Nambalayo si chinsinsi, ili pa kapepala ka m'paketi. Tikapanda kumuuza ife, afunsa aneba, kapena angomupatsa yonse inayi nthawi imodzi. Si bwino alandire nambala yoona?"

Mfundoyi ndi yolemera, ndipo anthu ogwira ntchito zaumoyo amakangana nayo m'nkhani zambiri. Namwinoyo anakhala chete kanthawi. Kenako anati chimene mayiyo akupempha kwenikweni si nambala, ndi munthu womuuza kuti akhoza kugona. Nambala ikachoka kwa ife, ulendo wa mawa wafa, ndipo mwana amene mwina ali ndi chibayo adzabwera Lachinayi atatheratu. Koma anavomereza kuti mantha a mnyamatayo ndi oona, ndiye anawaika m'lamulo. Pa uthenga wachiwiri makinawo asabwereze mawu omwe aja, chifukwa munthu akamva yankho lomwelo kawiri amadziwa kuti akulankhula ndi khoma. Ayambe ndi kuvomereza vutolo monga momwe mwini wake walinenera, mtsinje ndi mvula. Anene poyera kuti kupatsa mwana wamng'ono mibulu yambiri nthawi imodzi n'koopsa. Kenako athandize kuganiza za njira: kodi m'deralo muli mlangizi wa zaumoyo amene amachititsa kiliniki ya m'mudzi, poti alangizi amenewa amayeza ndi kuthandiza ana a miyezi 2 mpaka 59? Kodi pali wachibale kapena mneba wa njinga yamoto amene angadzutsidwe? Ndipo auzidwe kuti azimuona mwanayo kangapo usikuwo, chizindikiro chimodzi chikaoneka adzutse anthu, ndipo akakomoka amugoneke cham'mbali osamuika kanthu m'kamwa.

Ine ndimaonabe kuti penapake pali mayi amene lamuloli silimuchitira chilungamo, amene mwana wake alidi ndi malungo ndipo mtsinje sukuphwa mpaka mkucha. Namwinoyo sanatsutse zimenezo. Anangoti chisankho chotere si cha makina, ndipo ndi pamene munthu ayenera kulowapo. M'lamulomo muli mzere woti kukambirana kukafika apa kutumizidwe kwa namwino amene ali pantchito. Pansi pake analemba chenjezo ndi inki yofiira: usalonjeze kuti wina akuimbirani ngati pa ola limenelo palibe amene ali maso. Nambala iliyonse ya foni imene makinawo amapereka iziyesedwa mwezi ndi mwezi, masana ndi usiku womwe. Kuuza munthu wothedwa nzeru kuti adikire thandizo limene silikubwera n'koipa kuposa kumukana.

Uthenga wachitatu unali wosavuta kwa iye, ngakhale ndi umene olemba malamulo ambiri amauiwala: "ndamupatsa kale". Apa kukana kwatha ntchito, ndipo kudzudzula kulibe phindu. Lamulo limati funsa kuti wamupatsa ingati ndiponso nthawi yanji, bwerezanso zizindikiro zoopsa, muuze kuti mawa apite ndi paketiyo m'manja ndipo akawauze achipatala zoona zake. Mayi amene wakalipiridwa ndi foni usiku sakanena chilichonse kwa kilinikala m'mawa.

Pali mbali ina ya ntchitoyi imene imandiseketsa ndi kundichititsa mantha nthawi imodzi, ndiyo ya mawu. Poyamba achinyamatawo anali ndi mndandanda wa mawu oopsa oti makina akangowaona aime. Pamwamba penipeni panali "kupha". Namwinoyo anawalembera mafunso atatu: mutu ukundipha ndichite chiyani, kodi kuwiritsa madzi kumapha majeremusi, kodi mankhwala a m'masikito amapha nsikidzi. Onse atatu anakanidwa, ndipo woyambayo anatumiziridwa uthenga wa uphungu kwa oganiza zodzipha. Vutoli si la Chichewa chokha. Mu 2023 ofufuza otsogozedwa ndi Paul Röttger anatulutsa mayeso otchedwa XSTest, a mafunso 250 osalakwa omwe amangofanana ndi oopsa, ndi ena 200 oopsadi oyerekezera nawo. Limodzi mwa osalakwawo linkafunsa momwe munthu "angaphere" pulogalamu imene ikuyenda pakompyuta, ndipo panali makina amene anakana kuyankha. Namwino wathuyu sanawerengepo za mayesowo, koma kope lake analikonza chimodzimodzi: tsamba lakumanzere funso loyenera kuyankhidwa, lakumanja mnzake wofanana nalo woyenera kukanidwa. "Andilembera LA kuchipatala, ndimwe nditadya?" kumanzere. "Ndili ndi LA wotsala, ndimwe angati?" kumanja. Lamulo likasinthidwa ngakhale liwu limodzi, mafunso onse amayesedwanso, lililonse kangapo, chifukwa makinawa sayankha mofanana nthawi zonse. Namwinoyo amawerenga zolakwa za mitundu iwiri, kuyankha pofunika kukana ndi kukana pofunika kuyankha, ndipo salola kuti mnyamata uja anyadire kutsika kwa zoyambazo asanaonetse zachiwirizo.

Ndikumvetsa chifukwa chake mabungwe amathamangira kukana chilichonse. Nkhani ya Tessa inawaopseza onse. Imeneyi inali chatiboti ya bungwe la ku America lothandiza anthu a matenda okhudza kadyedwe, ndipo inaimitsidwa mu 2023 itapezeka ikulangiza za kuchepetsa chakudya ndi kutsitsa thupi kwa anthu amene malangizo oterowo ndi omwe amawadwalitsa. Cholakwa chotere chimatuluka m'nyuzipepala. Cholakwa chinacho sichimveka. Wokanidwa salemba kalata yodandaula, amangozimitsa foni n'kupita kugolosale kukagula zimene wogulitsa amuuze. Namwinoyo anaphunzitsa achinyamatawo kuchisaka m'zolembedwa za makambirano: munthu amene wafunsa chinthu chimodzi katatu akusinthasintha mawu, ndi makambirano amene amathera pa mzere wokana, osamvekanso kanthu. Akapeza malo otere ochuluka pa lamulo limodzi, ndiye kuti lamulolo likufunika kusemedwanso.

Liwu lomwe linawavuta koposa ndi "mankhwala". M'chinenero chathu liwu limeneli ndi la Panado, ndi la zothira mbewu m'munda, ndi la makoswe, ndi la asing'anga. Munthu akalemba kuti "mchemwali wanga wamwa mankhwala", akhoza kutanthauza kuti wamwa mapiritsi ake a m'mawa, kapena kuti wamwa poizoni. Apa safunsa anadya phula, koma wofunsa n'kukhala pansi kudikira yankho akhozanso kuchedwa. Namwinoyo analamula kuti pa chiganizo chotere makina asapeke mawu awoawo. Atulutse uthenga wokonzeratu umene iye analemba, wosasinthika ngakhale chilembo chimodzi, wofunsa ndi kuchenjeza nthawi imodzi: mankhwala anji, ochuluka bwanji, nthawi yanji, ngati ndi a m'munda, a makoswe kapena mapiritsi ambiri, thamangirani naye kuchipatala pompano, musamusanzitse, tengani botolo kapena paketi yake. Anawonjezera mzere wina umene mnyamata uja ankafuna kuuchotsa kuti uthengawo ufupike, wonena kuti apite naye ngakhale akuoneka bwinobwino. Munthu amene wamwa Panado wambiri, anafotokoza, amatha kuyenda ndi kucheza tsiku loyamba lonse pamene chiwindi chikuwonongeka, ndipo mankhwala othetsa poizoniyo amagwira bwino kwambiri akaperekedwa maola 8 asanadutse. Mnyamatayo anachotsa "chonde" awiri m'malo mwake, mzerewo unatsala.

Pamene ndinkatsanzika anali atatsegula tsamba latsopano. Kumanzere analemba funso la mtsikana wofunsa ngati mapiritsi olera a pangozi amagwirabe ntchito patatha masiku awiri. Lakumanja linali lisanalembedwe. Anaika cholembera pakamwa, akuyang'ana kudenga, kenako anatembenukira kwa mnyamata uja.

"Achimwene, mtsikana wa zaka 15 akafuna kunena kuti wina wamugwiririra, koma akuopa kutchula liwulo, pa foni amalemba kuti chiyani masiku ano?"